Chipilala cha Khumi ndi Chimodzi

Mayi mmisiri anaphunzira kumanga akukandira bambo awo matope, ndipo atha zaka makumi awiri ali pa makwerero. Komabe tsiku limenelo kapitawo watsopano sanafune kuwamvera.

Lole yokatenga njerwa ndi simenti inali italiza kale injini. Mvula inali pafupi, ndipo ikagwa, msewu wa ku uvuni wa njerwa sudutsika mpaka chilimwe. Ulendo unali umodzi basi.

"Mpanda wakumasoku ndi mamita makumi atatu, chipilala pa mamita atatu aliwonse," anatero kapitawo. "Zipilala khumi. Nanga chovuta n'chiyani?"

"Khumi ndi chimodzi, achimwene."

"Mayi, masamu ndinaphunzira ine."

Mwini nyumba anayang'ana uku ndi uku, nkhope ili gwa. Mayiwo anadziwa kuti akagonja, khoma lidzathera m'malere, ndipo wonyozedwa adzakhala iwo. Anatambasula dzanja lawo lokakala ndi simenti.

"Bwana, zala zisanu, mipata ingati?"

"Inayi," anayankha mwini nyumba.

"Ndiye mipata khumi ifuna zipilala zingati?"

Mayiwo anagwada n'kulemba pansi ndi msomali: mpata uliwonse njerwa 320, chipilala 108, kuphatikiza zosweka panjira zonse 4,700. Simenti matumba atatu pa njerwa chikwi, ndiye khumi ndi asanu, poti m'kati mwa zipilala mumadya matope.

"Zikatsala mudzadya?" anafunsa kapitawo.

"Zikaperewera mudzaimapo ndinu?"

Dalaivala anaphulika kuseka. Mwini nyumba sanaseke, koma anauza dalaivalayo kuti akatenge monga anenera mayi.

Mvula inagwa mawa lake. Mpanda utatha, njerwa zotsala sizinadzaze wilibala.