Mphindi Ziwiri za Nkhosa ya Idi

Aliyense wogwira ntchito m'nyumba yosanja ija ya pafupi ndi doko ku Alexandria ankadziwa kuti Amalume Zaghloul akangoti, "Chaka china, nthawi ya Idi," ndiye kuti wakodwa basi. Zaghloul ankayendetsa chikepe chakale cha zitseko zachitsulo. Zaka makumi atatu akukwera ndi kutsika, koma panalibe wokwera amene anamvapo nkhani yake ya nkhosa mpaka kumapeto. Chikepecho chinkatenga mphindi imodzi kufika pamwamba penipeni, pomwe nkhaniyo inkafuna theka la ola.

Woidziwa yonse anali Fikri, mnzake wa paubwana, amene ankaphika tiyi pansi pa masitepe a nyumba yomweyo. Ankaidziwa chifukwa iye analimo m'nkhaniyo.

"Zaghloul m'bale wanga, yambira kumapeto!" ankakuwa choncho Fikri. "Tiyi wazizira, anthu akukalamba!"

"Mbuli iwe, uzingophika tiyi," ankayankha Zaghloul, n'kuyambiranso pachiyambi.

Lolemba lina Fikri anagwa ndi sitiroko. Mkazi wake, Atiyat, anabwera pakhomo pa chikepe maso ali psuu. Anati mbali ya kumanja yauma, sakulankhula, amangoyang'ana khoma, ngakhale madokotala akuti akumva zonse. M'chipinda chake ankalowetsa mlendo mmodzi patsiku, masana, mphindi ziwiri zokha.

"Lachinayi ndi lanu, alamu," anatero Atiyat. "Koma musakalire kumeneko. Olira ndapita nawo okwanira."

Zaghloul anasowa mtendere. Anthu ankawadutsitsa pamalo awo otsikira. Chimodzi chokha ndi chimene chinamukhala pamtima: Fikri aseke. Ndipo nkhani yoseketsa anali nayo imodzi yokha, yomweyo ya theka la ola.

Nkhaniyo inali yotere. Ali anyamata, Fikri akufunsira Atiyat, awiriwa anagula nkhosa ya Idi kuti akapereke kwa apongozi, anthu odzimva amene ankakhala pamwamba pa nyumba ina yosanja. Anakangana ndi wogulitsa, nkhosa inadya chipewa cha Fikri m'sitima ya mumsewu, mvula inawavumba. Atafika, anapeza kuti mlonda wa pakhomo salola ziweto m'chikepe. Ndiye anaiveka nkhosa ija mkanjo wakuda ndi mpango, n'kuiimika pakati pawo ngati azakhali odwala miyendo.

Lachiwiri m'mawa Zaghloul anayesa nkhaniyo pa Mayi Kawthar, amene ankataipa makalata kwa maloya pamwamba, mayi wa pakamwa pakuthwa. Zaghloul anangothamangitsa mawu, osachotsa kanthu. Chikepe chinaima akadali pamsika.

"Amalume, mwadya theka la mphindi pa mtengo wa nkhosa," anatero Kawthar atamva za Fikri. "Kodi anthu amaseka pati?"

"Pa mawu a mlonda, kumapeto."

"Ndiye gwirani mawu amenewo. Chilichonse chimene mlondayo sachifuna kuti awanene, tayani."

"Ngakhale chipewa?"

"Mlonda anachiona chipewacho?"

Abale, zinamuwawa! Chipewa chija ankachikonda kuposa nkhani yonse. Koma anachitaya. Anataya wogulitsa, anataya mvula, anataya sitima ndi kondakitala wake wachibwibwi. Tsiku lonse ankang'ung'udza yekha uku akukankha chitseko, kuwerenga nsanjika ndi zala. Ngakhale mayina anawachotsa, kunangotsala "anyamata awiri," monga zimayambira nthabwala zonse za m'tauniyi.

Lachitatu anayesa pa bambo wina wonyamula mafayilo. Inakwana ndithu, inatha chikepe chisanaime. Bamboyo sanaseke, anangomufunsa funso.

"Nanga mlondayo sankaona kuti ndi nkhosa?"

Zaghloul anatuluka thukuta. Podula paja anali atadulira limodzi maso a mlonda, amene m'nkhani yaitali ankatenga mphindi zitatu, kuyambira pa ng'ala mpaka pa magalasi omanga ndi ulusi. Popanda maso amenewo, womvera ankakhalira kufunsa m'malo moseka. Anawabwezeramo, koma m'mawu atatu okha: mlonda wosaona bwino.

Masana anayesanso pa Kawthar. Mayiyo anaseka mpaka kugwira khoma, koma Zaghloul, chizolowezi chake chija, anapitiriza. "Ndiye m'mawa mwake titaipha, mlonda uja tinamupatsa mwendo, ndipo..."

Kuseka kunazima pomwepo.

"Amalume! Mlonda akalankhula, inu tsekani pakamwa. Musapondenso pamenepo."

Lachinayi anafika kuchipatala ola lathunthu nthawi isanakwane. Anayendayenda m'khonde, kukhala, kudzuka, kumwa madzi, kukhalanso. Mantha anamugwira kuti mwina Fikri sangamuzindikire n'komwe. Kenaka namwino anatsegula chitseko, anamuonetsa zala ziwiri, n'kuima pomwepo ndi wotchi yake.

Fikri anali ataonda, pakamwa patapotokera mbali imodzi, maso ali kukhoma. Zaghloul anafuna kulira, koma anakumbukira mawu a Atiyat. Sanafunse n'komwe za thupi. Anawerama pafupi ndi khutu.

"Fikri, wamva yatsopano? Anyamata awiri akufuna kukweza nkhosa kwa apongozi olemera, koma ziweto n'zoletsedwa m'chikepe. Aiveka mkanjo ndi mpango, akuti ndi azakhali. Pakhomo pali mlonda wosaona bwino. Akuti, 'Mtendere ukhale nanu, mayi Hajja.' Nkhosa ikuti, 'Meee.' Mlonda agwira pamtima, akuti, 'Mulungu awadalitse mayiwa. Zaka makumi awiri ndili pakhomo pano, m'banja lonse lija woyamba kundiyankha moni ndi iwowa.'"

Ndipo anatseka pakamwa. Kunali kovuta kuposa kudula chipewa, koma anatseka.

Woyamba kuseka anali namwino, amene anabisa nkhope m'dzanja. Kenaka chifuwa cha Fikri chinayamba kugwedezeka. Mbali yamoyo ya pakamwa pake inakwera, mawu okhala ngati chitseko cha dzimbiri anatuluka, misozi n'kutsikira m'khutu. Anachotsa maso kukhoma n'kuyang'ana mnzake.

Zaghloul anaweramuka mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo. Inali itatsala mphindi yathunthu, ndipo iye, munthu amene moyo wake wonse nthawi sinamukwanepo, anasowa chochita nayo. Anati atsanzike.

Dzanja lamanzere la Fikri linamugwira malaya. Milomo inalimbana kwa kanthawi, kufunafuna mawu amene anali atasowa masiku anayi.

"Chi... chipewa," anatero Fikri. "Chili kuti?"

"Ndachitaya, m'bale wanga. Si iwe unkati ndiyambire kumapeto?"

Fikri anapukusa mutu pang'onopang'ono, osasiya malaya aja.

"Yonse."

Zaghloul anatembenukira kwa namwino. Namwinoyo anayang'ana wotchi, anayang'ana wodwala wake amene anali atangolankhula kumene, n'kukoka mpando ndi phazi, kuukankhira kwa Zaghloul. Anatseka chitseko, iye ali m'kati.

Zaghloul anakhala pansi, anapukuta maso ndi mkono wa malaya, n'kukonza pakhosi.

"Chaka china, nthawi ya Idi," anayamba motero, "ine ndi mbuli ina yophika tiyi tinapita kumsika."