Tebulo la mlombwa lomwe ndinasiya kulijambula

Ndine kalipentala. Shedi yanga ili ku Zolozolo, m'mbali mwa msewu wafumbi. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo kulankhula sindikukonda.

Zaka zomwe ana a ku yunivesite anachuluka mu Mzuzu muno, aliyense wokhala ndi kamalo ankamanga zipinda za lendi. Zipinda zimafuna mabedi, zitseko ndi mashelefu. Ntchito inalipo, koma inkadutsa pakhomo panga n'kupita kwa anzanga omwe ankaonetsa katundu wawo pa foni. Ine zinkandinyansa. Munthu waima pafupi ndi sofa, wavala magalasi akuda, pansi walemba kuti katswiri wa onse mu Mzuzu. Kwathu ku Kasungu munthu wotero timamuseka. Komanso ukaonetsa kwambiri zomwe uli nazo, maso ena si abwino.

Pafupi ndi shedi yanga pali mayi wina wosoka zovala, wobadwira momwe muno. Iye ndiye anandisintha maganizo.

"Adada, mufa ndi njala pulena ili m'manja," anatero tsiku lina. "Foni muli nayo, yangokhala yoimbira nyimbo za kwaya?"

"Sindidzitama ine."

"Ndani wati mudzitame? Osaika chomwe mwamaliza. Ikani chomwe chili pakati. Thabwa lili pa benchi, utuchi uli pansi. Mulembe zomwe mukuchita lero, basi. Chikakuvutani, nenaninso. Munthu wodzitama sanena kuti chandivuta."

Anandionetsa malo awiri. Oyamba ndi sitetasi, pomwe chithunzi chimakhala tsiku limodzi n'kuchoka chokha. Amachiona ndi okhawo omwe unasunga nambala yawo, iwonso anasunga yako, ndipo pansi pake pamatuluka mayina a omwe achiona. Achiwiri ndi gulu la ogula ndi ogulitsa a mumzinda muno, momwe aliyense wa m'gulumo amaona. Anandipatsa malamulo ake: jambula panja kukuwala, nkhope yako isaoneke, manja okha, ndipo katundu wa mwini usamuike usanapemphe mwiniwake.

Ndinayamba. Mawu anga anali ochepa. "Lero ndikupala miyendo ya bedi." "Thabwa ili lapindika, ndaligula lisanaume. Ndasintha lina." Chodabwitsa, chithunzi cha thabwa lopindikalo ndi chomwe anthu anayankha kwambiri. Wina anafunsa mmene ungadziwire thabwa louma. Ndinamuyankha. Patapita masiku anabwera kudzafuna shelefu.

Kenako kunabwera bambo wina wa ku Katoto, wogwira ntchito m'boma, wamtali, wofatsa. Ankafuna tebulo lodyerapo la mlombwa. Matabwa anabwera nawo yekha pa galimoto ya hayala. Anati akazi awo ndi omwe agula matabwawo ndi phindu la geni yawo ya mazira, iye wangotumidwa. Mlombwa wake unali wouma bwino, wofiirira, wa mizere yokongola. Ntchito zambiri muno ndi za paini. Mlombwa wotere umaugwira mwa apo ndi apo.

Ndinapempha kuti ndizijambula.

"Jambulani, bambo," anatero akuseka. "Ndiziona ndili ku ofesi ngati simukugona."

Nambala yake ndinaisunga kuti "Bambo a tebulo". Ndikaika chithunzi, iye ndiye ankayamba kuona. Kankhope kake kankatuluka m'kabwalo kakang'ono pafupi ndi dzinalo, atavala tayi yobiriwira.

Zithunzi za tebulolo zinakoka munthu yemwe ndinkamufuna. Anali mwini nyumba zogona ana a sukulu, ankamanga mdadada watsopano. Anaona m'gulu muja n'kundilembera. Anati malumikizidwe anga awakonda, koma akufuna aone tebulolo litatha ndi vanishi yemwe. Likatuluka bwino, mabedi onse a mdadadawo ndi anga. Ntchito yotero ikanandisunga chaka chathunthu.

Tebulo lili ndi miyendo itatu, bambo uja anamwalira. Anangodwala pang'ono. Ndinapita kumaliro ku Katoto. Ndinakhala panja ndi amuna anzanga, ndinaona bokosi likukwezedwa pa lole kupita kumudzi kwawo. Ndinaliona ndi maso anga.

Ndinasiya tebulolo masiku angapo nditalivundikira ndi chiguduli. Koma guluu ndi mlombwa sizidikira chisoni, ndipo mwini mdadada ankafunsa. Chilolezo ndinali nacho, ndinadziuza choncho. Ndinakwezera mwendo wachinayi pa benchi, n'kujambula, n'kulemba kuti, "Mwendo womaliza, ndikuboola polowera."

Unali mwezi wa Juni. Nkhungu ya kuno imatsika m'mawa n'kukhala, nyumba ya tsidya la msewu osaiona. Kamvula kosamveka kankanyowetsa utuchi. Ndinapukuta manja n'kuyang'ana omwe aona.

Dzina linalipo limodzi lokha. Bambo a tebulo. Tayi yobiriwira ija.

Ndinaika foni pa benchi chafufumimba. Ndinagwira pulena, koma sindinapale kanthu.

Mawa lake ndinaikanso china. Anaonanso, woyamba. Sankalemba kalikonse. Kale ankaika kachala kovomereza, tsopano ayi. Ankangoona. Ndikaika m'mawa, alipo. Ndikaika masana, alipo, chithunzi chisanakhalitse n'komwe. Ndinayesa kuika chitseko cha munthu wina. Anaonanso, ndipo ndinamva ngati akundifunsa kuti nanga tebulo lija lili kuti.

Ndinayamba kugwira ntchito nditayang'ana kumsewu. Msana sindinkafuna kuupatsa khomo. Munthu akamatuluka m'nkhungu muja, wamtali, ndinkaima kaye mpaka nkhope ioneke.

Ndinamuonetsa mayi wosoka uja. Anayang'ana, n'kusiya kupalasa makina.

"A Chiuta wane," ananong'ona. Kenako anadzigwira. "Ah, adada, musandiopseze. Foni siikidwa m'manda. Ndi akazi awo awa, akuona tebulo la amuna awo."

"Nanga osalankhula bwanji?"

"Namfedwa alankhule chiyani? Musiyeni aone."

Zinandikhazika mtima pansi pang'ono. Ndinayamba kujambula mosamala kwambiri, poganiza kuti mayi wamasiye akutonthozedwa nazo. Ndinaika pamwamba pa tebulo nditapala ndi sandipepa. Ndinalemba kuti, "Kwatsala vanishi." M'gulu muja anthu anayamikira. Mwini mdadada analemba kuti akudikira.

Tsiku lotsatira, chakumasana, nkhungu isanachoke, panaima mayi pakhomo pa shedi. Anavala zakuda, duku lakuda. Sindinamve mapazi ake.

"Muli bwanji, bambo? Ndine wa ku Katoto, kwa tebulo."

Ndinamupatsa mpando. Sanakhale. Anapita pa tebulo n'kuyendetsa dzanja pamwamba pake, pang'onopang'ono.

"Pepani ndi zovuta zija, mayi," ndinatero. "Ndaona kuti mwakhala mukutsatira pa foni ya bambo."

Anatembenuka. "Foni iti?"

"Ya malemu."

"Foni ija sindinaigwirepo chimwalirireni iwo. Anaitenga alamu anga, akulu awo, mtembo usanatuluke m'nyumba."

Kunja njinga ya kabaza inadutsa, belu lake likulira, osaioneka.

Anafotokoza mwachidule, maso ali pa matabwa. Abale a mwamuna wake anatenga mipando, firiji, matiresi, ngakhale makatani. Anati ndi za mbale wawo. Anamusiyira ana ndi mphasa. Za tebulo abalewo sankadziwa, chifukwa silinali m'nyumba. Analidziwira pa zithunzi zanga. Mlamu wina wamkazi, womumvera chisoni, anamutsina khutu kuti akulu aja akuyang'ana tsiku ndi tsiku. Tebulo losatha salifuna. Akudikira tsiku lomwe ndilembe kuti latha, abwere ndi galimoto.

"Matabwa awa ndinagula ine," anatero. "Ndi mazira. Ana anga akudyera pansi."

"Ndikudziwa. Bambo ananena."

"Ndiye musaikenso, chonde."

Ndinamuuza za mabedi aja. Sindikudziwa chifukwa chake ndinamuuza. Anangogwedeza mutu, osandikakamiza, n'kutsanzika. Nkhungu inamumeza asanafike pa mjigo.

Mayi wosoka anali atamva zonse kuseri kwa khoma la matabwa.

"Pali njira," anatero. "Mutha kuibisira nambala imodziyo, ena onse n'kumaona."

"Nanga m'gulu muja?"

"Mmenemo ayi. Ndipo malemu analimo, foni yawo ikadalimo." Anaganiza. "Mutumizireni bwana wa mabediyo payekha."

"Chithunzi chikachoka m'manja mwanga chimayenda. Iye aonetsa mkazi wake, mkazi wake aonetsa a kutchalitchi. Mzuzu ndi waung'ono."

"Ndiye mutaya ntchito chifukwa cha tebulo la eni?"

"Chilolezo anandipatsa wafa. Wamoyo wakana."

"Ndinu ouma mutu chomene," anatero, n'kubwerera ku makina ake.

Ndinalipaka vanishi tebulolo, chitseko cha shedi nditatseka theka. Mlombwa unatuluka ngati uchi. Pa ntchito zonse za manja anga, palibe yoposa imeneyo. Foni inali m'thumba. Dzanja linapitako lokha, ndinalibweza.

Ndinamuimbira mwini mdadada. Ndinati chithunzi sinditumiza, mwini katundu wakana, koma abwere aone ndi maso ake. Anati ali ku Lilongwe, nthawi alibe. Anafunsanso ngati vanishi yandikanika. Ndinati ayi. Anati chabwino, tionana. Mabedi aja anapatsa wina wa ku Masasa.

Tebulo litauma, tinalikulunga m'mabulangete n'kulikweza pa ngolo. Silinapite ku Katoto. Linapita kwa mchemwali wake wa mayi wamasiye uja, komwe anasamukira ndi ana. Titalitsitsa, mayi wamasiyeyo anathokoza m'chilankhulo cha kuno, anati, "Yewo, bambo," ngakhale si wa kuno. Ana anayamba kulizungulira.

Akulu a malemu sanabwere ku shedi. Sindinawaonepo nkhope. Mwina anaganiza kuti ntchito inaima. Chithunzi chomaliza cha tebulolo chomwe anaona chinali chopanda vanishi.

Kuika zithunzi sindinasiye. Ndimaikabe manja anga, thabwa, ndi mawu ochepa. Ntchito zimabwera, zazing'ono, shelefu lero, chitseko mawa. Tsopano ndikapempha chilolezo ndimafunsa mwamuna ndi mkazi yemwe.

Nambala ija sindinaifufute. Ndinaiimbapo kamodzi chaka chitatha, mawu a makina anati sikupezeka. Mayi wosoka akuti zimatheka, foni imaonabe zithunzi ngakhale khadi la nambalayo litafa, bola ilumikizidwe pa intaneti. Mwina ndi choncho.

Dzulo ndaika mwendo wa mpando. Kunali nkhungu. Nditayang'ana, woyamba kuona anali yemwe uja, ndi tayi yake yobiriwira.