Zikofia za Asia

Sikisi koloko inamupeza Asia akupemerera makala m'simbi pakhomo pa kanyumba kake ku Kabwata, mu Lusaka. Malaya amene ankasitawo anali a mwamuna wake, Che Omali, telala wa pakhonde la sitolo ku Kamwala, amene tsikulo ankapita kukayimira banja ku ofesi ya mabasi. Kuyimira banja ndi ntchito yolemetsa, n'chifukwa chake anali asanadzuke.

Thiranki ya Asia inasowa Lachiwiri. Iye anakhala miyezi itatu kwawo ku Nyasaland akudwazika mayi ake, ndipo pobwerera anakwera basi ku Fort Jameson. Thirankiyo anaiyeza, iye analipira, anamupatsa tikiti ya katundu, n'kuimanga pamwamba pa basi. Kufika ku Lusaka, panalibe. Kondakitala anati mwina inatsikira ku Petauke, ngati kuti inali ndi abale kumeneko.

M'thirankimo munali zikofia makumi awiri ndi zinayi, zisoti za Asilamu zoyera, zopeta ndi singano, zimene Asia anasoka ali pambali pa mphasa ya wodwala. Shehe Abdul Hamid anali atalonjeza kale kuzigula pa masheleni anayi chimodzi chikondwerero cha Idi chisanafike. Munalinso jekete ya Che Omali, imene anatumizira mng'ono wawo, mng'onoyo n'kuibweza mwaulemu ataona zigongono zake.

Kampani inkafuna kalata ya Chingerezi pasanathe masiku asanu ndi awiri: tsiku la ulendo, nambala ya tikiti, katundu yense ndi mtengo wake. Sinkalipira kuposa mapaundi asanu ngati munthu sananene pokweza kuti katundu wake ndi wodula. Kalatayo inalembedwa ndi Ba Mukuka a nyumba yoyandikana, kalaliki wa kunjanji, Che Omali akutchula katundu, Asia akuthira tiyi.

"Jekete mapaundi anayi," anatero Che Omali. "Mtengo umayambira pamwamba, Ba Mukuka. Mzungu akatsitsa, tikumana pakati."

"Nanga zikofia?" anafunsa Ba Mukuka.

"Lembani nsalu ndi ulusi, masheleni naini. Kusokako ankangochotsa ulesi."

Zoonadi, pakati pa kusambitsa wodwala, kuchapa, kutunga madzi ndi kumutembenuza, ulesi unali wochuluka zedi.

Kuofesi anaima pamzere wa pawindo la anthu akuda, Che Omali kutsogolo ndi malaya owongoka, Asia kumbuyo ndi tikiti pa mfundo ya mpango. Kalaliki wa kampani, Ba Chomba, anawerenga kalatayo n'kukweza maso.

"Ba tate, jekete ya mapaundi anayi, munagula kuti? Kapena inali ya Bwanamkubwa?"

"Ndi ya ubweya weniweni!"

"Lisiti lilipo? Yatha zaka zingati?"

Che Omali anawerenga zala, ndipo dzanja limodzi silinakwane.

"Pano si pamsika wa Luburma, ba tate, sitinenerera. Chovala chakale chopanda lisiti, akuluakulu akalemba masheleni teni, mukathokoze. Nanga anakwera basi ndani?"

"Akazi angawa."

"Ndiye mwasainiranji inu? Wodandaula ndi mwini tikiti."

Apa m'pamene Asia analankhula, motsitsa mawu ngati akufunsa njira.

"Bambo, chinthu chatsopano chimene munthu wasoka yekha, amachiwerengera bwanji?"

"Ngati pali wogula amene angalembe kuti anagwirizana nanu mtengo, lembani mtengowo, mumangirire pepala lake ku kalata. Sindikulonjeza, amayi, koma mukalemba ulusi wokha akulipirani ulusi wokha. Masiku anu akutha Lachiwiri."

Panjira Che Omali anafotokoza kuti kalalikiyo ndi wamwano, kuti kubwerera kwa Ba Mukuka, munthu wa Sitandade Sikisi, kukamuuza kuti alembenso kungakhale kumunyoza, komanso kuti mwamuna wanzeru savutitsa Shehe ndi nkhani za singano. Atatha kuteteza ulemu wa amuna atatu, anakhotera ku Kamwala kukapuma pa makina awo.

Asia anapita yekha kwa Shehe, anagwada pakhomo, ndipo Shehe analemba mizere itatu n'kusaina: zikofia makumi awiri ndi zinayi, mapaundi anayi ndi masheleni sikisitini. Kenako Asia anafika kuseri kwa nyumba ya mnzake Helen, amene ankalera ana a azungu ku Woodlands ndipo anaphunzira Chingerezi kumishoni. Anamupeza akuyanika matewera a mwana wake.

"Shani, amake Nuria? Thiranki yabwela?" Helen anamulonjera Asia.

"Ikadali kucheza ku Petauke. Ba Helen, ndikuyanikirani ine matewerawa. Inu tengani cholembera mundilembere kalata m'dzina langa, ndidinda chala. Muyambe ndi zikofia. Jekete muiike pansi penipeni, pepala likatsala."