Ndalama zimene bambo ankasunga

Bambo anga ndiwo ankasunga ndalama za gulu la maliro la m'mudzi mwathu, kuyambira pamene linakhazikitsidwa, matipate atangoyamba kumene. Anali mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya, munthu wa mawu ochepa. Banja lililonse linkasonkha mwezi ndi mwezi. Maliro akagwa, gulu linkagula bokosi, nsalu ndi chakudya cha adzukulu okumba manda, mwinanso kulipira galimoto yokatenga thupi kuchipatala. Pamsonkhano wapampando akafunsa za thumba, bambo ankangoti, "Zilipo, musade nkhawa." Palibe ankafunsa kuti zilipo zingati. Kufunsa kukanaoneka ngati chipongwe.

Anagwa m'chigafa nthawi yosoka fodya, mbali imodzi ya thupi itafa. Kuchipatala cha Kabudula anagona masiku angapo osatulutsa mawu, kenaka anatisiya.

Wapampando ndi mlembi atabwera kudzatenga ndalama ya bokosi, mayi anatulutsa chitini chimene bambo ankasungiramo. Zimene zinalimo sizikanagula ngakhale matabwa. Mlembi ankalemba osonkha okha. Zotuluka ankalemba bambo, ndipo miyezi yambiri sanalembe kalikonse. Tinagulitsa mbuzi ziwiri kuti tiwaike.

Manong'onong'o anayambira pasiwa pomwepo. Pamjigo amayi ankaloza malata a nyumba yathu, ena n'kumati n'chifukwa chake shuga sankatha pakhomo pathu. Mayi anasiya kupita kumapemphero a amayi a Lachinayi. Ine ndinkadziwa kuti nthawi yogula feteleza anthu ankabwera kudzabwereka kwa bambo, chifukwa ndinkawaona akukhala pakhonde. Koma anatenga ndani, zingati, sindinkadziwa, ndipo palibe anadziulula.

Titakolola, gulu linakumana m'kalasi ya pulaimale kuti lisankhe msungichuma wina. Ambiri anakana udindowo. Mayi wina wachikulire anatchula ine, poti ndinkagulitsa nyemba ndi mtedza pamsika wa Nsaru ndipo masamu ndinkawatha. Mwina ankafunanso kutipepesa. Wapampando anati, "Amayi, landirani. Ife tikukukhulupirirani."

Ndinaimirira.

"Zikomo a wapampando, zikomo makolo anga nonse," ndinatero. "Bambo anga munawakhulupiriranso. Lero agona, sangadziyankhire, ndipo amene akusenza manyazi ndi mayi anga. Ine sindinganene kuti ndalama zija zinapita kuti. Inunso simunganene. Tonse tinkangomva kuti zilipo.

"Ndilandira udindowu pokhapokha tikagwirizana chinthu chimodzi. Miyezi itatu iliyonse ndiziima pano n'kuwerenga zimene zalowa, mlembi akutsatira m'kaundula mwake. Ndizitchula zatuluka pa maliro a ndani, malisiti ali patebulo. Amene wabwereka azitchulidwa dzina. Zotsala tiziziwerenga pamaso pa onse, ndipo anthu awiri osakhala m'komiti azisayina. Tikadikira chaka, tidzakhala titaiwala. Miyezi itatu, aliyense amakumbukira maliro amene tinaika, ndipo cholakwika chimapezeka chikadali chaching'ono.

"Sindikupempha izi chifukwa pali wakuba pakati pathu. Msungichuma nayenso amadwala, amaiwala, amafa. Ndikadzagwa mawa, ndikufuna ana anga adzalire maliro okha, asadzawonjezerepo mlandu. Ndipo inu tsiku limene maliro agwa pakhomo panu, musadzamve tsiku lomwelo kuti bokosi palibe."

Ndinakhala pansi.

Bambo wina, mnzawo wa malemu kuyambira ubwana, anafunsa ali chiweramire, "Kodi ndiye ngongole za munthu zizimveka pagulu, eti? Si kuvulana kumeneko?"

"Ndalamazo n'za gulu, bambo," ndinayankha. "Wochita manyazi akabwereke kwina."

Anakambirana nthawi yaitali. Ena ankati tingotchula kuchuluka kwa ngongole, maina ayi. Pomaliza wapampando anati tikweze manja, ndipo ovomereza anachuluka, ngakhale si onse. Mabanja angapo anatuluka m'gulu chaka chomwecho.

Patapita masabata, bambo amene anafunsa funso aja anafika kunyumba m'mawa atakankha njinga, pakaliyala pali thumba la mtedza. Anagwada pamaso pa mayi n'kunena kuti anabwereka ya feteleza kwa malemu, ndipo alibe ndalama koma mtedzawo. Mayi anatembenukira kwa ine. Anangondiuza kuti, "Kagulitse, ukalembe." Pambuyo pake anabweranso wina. Zimene anabweza zinali zochepa poyerekeza ndi zimene mlembi ankati zinayenera kukhalapo, ndipo zotsalazo sitinadziwe mpaka lero.

Tsiku loyamba kuwerenga pagulu ndinaphonya kuphatikiza, mlembi anandikonza, anthu anaseka pang'ono, tinapitiriza. Ndinasunga thumba la gulu zaka zambiri mpaka maso atayamba kundivuta. Mayi ankasonkhabe mwezi ndi mwezi, koma ankandipatsira ine kunyumba. Kumsonkhano wa gulu sanapondekonso.