Manja a Bambo Tukiran

A Tukiran anameta anthu zaka makumi atatu ndi zisanu pakhonde la nyumba yawo, kuseri kwa msika wa ku Klaten. Sanali munthu wolankhulalankhula. Ukakhala pampando, ankakufunsa za makolo ako, basi, kenako kumangomveka sizasi. Ana oopa lumo ankawapatsa chipeso kuti agwirizire. Chifuwa chitawagwira, achipatala anawapatsa botolo lalikulu la mpweya, koma munthu akabwera kudzameta, iwo ankavula kapaipi ka m'mphuno n'kukankhira botololo pakona.

"Anthu asamandikumbukire ndi chimenechi," anauza akazi awo, a Sumirah.

Mapemphero a tsiku la makumi anayi chimwalirireni a Tukiran anali mawa lake. A Lastri, oyandikana nawo nyumba, ndiwo ankalemba mauthenga a m'deralo pa Fesibuku. Anafika mmawa, tiyi asanazizire, kudzatenga chithunzi choitanira anthu.

Chithunzi chooneka bwino chinali chimodzi chokha. A Sumirah anachijambula okha, foni ataigwira chopingasa, choncho chinali chotambalala. A Tukiran anaima pakati, kachipewa kakuda ka kumzikiti kali kumutu, chipeso kudzanja lina, sizasi kudzanja lina, zigongono zitatuluka pang'ono. Kumanja kwawo kunali botolo lija. Kumanzere kunali chingwe choyanikapo zovala cha kwa a Lastri.

"Achemwali, kabudula uyu ndi wa amuna anga," anatero a Lastri atayang'anitsitsa. "Wobooka pomwe. Mudzi wonse umuone?"

A Sumirah anamwetulira pang'ono. "Kabudula alibe kanthu. Botololi lichoke."

A Lastri anatsegula podulira chithunzi pafoni. Pansi panali timanambala. Anadina 1:1, ndipo pagalasi panatuluka bokosi lofanana mbali zonse. Linatenga msinkhu wonse wa chithunzi, koma m'mbali linatambalala kwambiri. Akalikokera kumanzere, linkameza zovala. Akalikokera kumanja, botolo linkalowa theka.

"Tilichepetse," anatero a Lastri, akutsina galasi ndi zala ziwiri.

Bokosi linachepa mbali zonse nthawi imodzi. Botolo linatuluka, zovala zinatuluka, koma mzere wa pamwamba unadutsa pakati pa chipewa.

"Mutu ayi," a Sumirah ananena motsitsa mawu. "Munthu wamkulu sitimudula kumutu."

A Lastri anakwezera bokosi m'mwamba. Chipewa chinabwerera, koma tsopano mzere wa pansi unadula manja m'mikono. Panatsala nkhope ndi chifuwa.

"Apa ndiye bwino. Anthu amafuna nkhope, achemwali. Aliyense amaika choncho."

A Sumirah anayang'ana nthawi yaitali. Nkhope inali ya amuna awo ndithu, yowonda, masaya atalowa. Popanda manja ankangooneka ngati wodwala wina aliyense pamzere wa kuchipatala. A Sumirah sanazolowere kutsutsa munthu, makamaka wodzathandiza, ndipo anayamba athira tiyi wina m'kapu ya mlendo asanayankhe.

"Amene ankameta kuno nkhope sankaiona kwenikweni. Bambo ankaima kumbuyo. Anthu ankaona manjawa."

 A Lastri anadina 9:16, bokosi lalitali lopyapyala lija lodzaza foni yonse. Mutu unakwana, m'chiuno munakwana, koma m'mbali linapana kwambiri moti sizasi inatsala kunja pamodzi ndi zala.

"Ichi chafinya ngati siketi yanga ya paukwati," anang'ung'udza a Lastri. "Dikirani, chilipo china."

Anadina 4:5. Bokosi linaima chilili, lotalika pang'ono kuposa m'lifupi mwake. Analitambasula mpaka linagunda pamwamba ndi pansi pa chithunzi, kenako n'kulisuntha pang'onopang'ono ndi chala chimodzi. Kabudula anatuluka. Botolo linatsala kadontho kobiriwira m'mphepete, kenako linatheratu. Pakati pa nsonga ya sizasi ndi mzere panatsala kampata ngati njere ya mpunga. Pamwamba pa chipewa panali malo.

"Ndichidulira konkuno n'kuchisunga, ndisanachitumize," anatero a Lastri. "Chikafika uko chili chodulidwa kale, mudziwa kuti chituluka mmene mukuchioneramu."

Anapereka foni. A Sumirah anapukuta manja pansalu asanailandire. Amuna awo anaima pakhonde lawo, okonzeka, ngati akudikira kuti munthu akhale pampando.

"Tumizani."

A Lastri analemba nthawi ya mapemphero ndi dzina la malemu, n'kutumiza. Asanamalize tiyi, foni inali itayamba kunjenjemera. Wina analemba kuchokera ku Batam kuti sizasi imeneyo inamumeta tsiku loyamba kupita kusukulu, ndipo akwera ndege madzulo.

"Chithunzi chakale chija ndifufute?" anafunsa a Lastri akudzuka.

"Musafufute. Chimenecho ndi changa," anatero a Sumirah. "Botololo ndinkalikoka ndine, miyezi isanu ndi itatu."

Anaperekeza mlendo mpaka pachipata, kenako analowa kukatsuka mpunga wa mawa.