Kope la Bungwe la Maliro

Achimwene anga anamwalira mwezi wowokera mpunga, nthawi imene munthu wa ku Likangala amakhala alibe ndi khobidi lomwe. Sindinade nkhawa za bokosi. Zaka zisanu ndi ziwiri iwo ankasonkha ku bungwe lathu la maliro osaphonya, pena ndalama, pena ndowa ya mpunga akakolola, ndipo lamulo lathu linali lakuti membala akatisiya, bungwe ligule bokosi ndi ufa wa pasiwa.

Nditapita kwa a msungichuma, mkulu wa mpingo amene tonse tinkamulemekeza, anandiuza kuti ndalama zilipo koma zili m'manja mwa anthu. Ndinafunsa kuti anthu ake ati. Anangoyang'ana pansi. Tsiku limenelo tinazula chitseko cha nyumba ya malemu ndi kuphwasula tebulo kuti kalipentala apeze matabwa. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Chimene chinkandikwiyitsa kwambiri ndi chakuti kwathu kuno za thumba la maliro safunsa. Ukangoti muli zingati, anthu amati ukuitana imfa, kapena uli ndi amene wamuwerengera masiku. Ndiye zaka zonsezo a msungichuma ankangoimirira n'kunena kuti zonse zili bwino, ife m'manja phuphuphu, basi. Koma ine amayi anga anali atagona pamphasa miyezi inayi, ndipo nawonso anali membala. Chitseko china chozula tinalibe.

Pamsonkhano wotsatira, m'kalasi ya pasukulu, ndinapempha a wapampando kuti ndiyankhule. Amuna anga anandikoka nsonga ya chitenje kuti ndikhale pansi. Ndinachikoka ndi kuimirira.

"Pepani akuluakulu, sindinabwere kudzatcha munthu wakuba," ndinatero. "Koma ndalama izi ndi zathu tonse. Ndikupempha kuti miyezi itatu iliyonse a msungichuma aziwerenga pano zimene zalowa, zimene zatuluka ndi malisiti ake, ndi zimene zatsala. Mpunga ukagulitsidwa tizimva kuti ndowa zingati, pamtengo wanji. Zotsalazo ziziikidwa patebulo, anthu awiri aziwerenge tonse tikuona. Thumba likaperewera tidziwe pali nthawi, tisonkhe, osati tikadziwire pasiwa mtembo uli m'nyumba. Izi zidzakutetezani inunso a msungichuma ku milomo ya anthu. Imfa siidikira kuti wina afunse. Achimwene anga apita palibe anafunsa."

Ndinkayesa wina andivomereza. Mayi wina ananong'ona mokweza kuti chisoni chandisokoneza mutu. Bambo wina anati mutu ukakula sulewa nkhonya, a msungichuma angopirira, ngati kuti wolakwiridwa anali iwowo. A wapampando anayamba kulongosola za ulemu, ndipo anatenga nthawi yaitali kuposa ine. Ndinapsa mtima. Anthu omwewa anaona ndi maso awo mmene tinawaikira achimwene, koma aliyense ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

Amene anathetsa nkhani ndi a msungichuma eni ake. Anatulutsa kope m'jumbo, nanena kuti atopa kusenza okha katundu wa mudzi wonse. Anati chaka ndi chaka, nthawi yowokera ikafika, mamembala amabwera mmodzimmodzi kuseri kwa nyumba kudzabwereka za feteleza ndi za aganyu, n'kulonjeza kubweza akakolola. Lamulo silinkalola ngongole, koma kukaniza mnansi kunkawavuta, ndipo obweza anali ochepa. Onse anawalemba.

"Mayi, mwapempha poyera," anatero akundipatsira kopelo. "Werengani ndinu. Maso anga atha."

Ndinayamba kuwerenga, dzina ndi ndalama yake, dzina ndi ndalama yake. Mayi wonong'ona uja analimo. A wapampando analimo kawiri. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti mwambo wosafunsa uja unali ndi eni ake. Mawu anga anayamba kukwera, ndipo kunena zoona ndinkamva kukoma.

Nditatembenuza tsamba lachitatu ndinaona dzina la amuna anga. Ndalama yake inali yokwana bokosi labwino, yotengedwa sabata imodzi achimwene asanamwalire. Feteleza amene ndinathira ndi manja angawa m'munda wathu wa kusikimu ya mpunga, amene iwo anandiuza kuti agula atagulitsa nsomba, anali ameneyo.

Ndikanatha kulumpha mzerewo. Kupatula amuna angawo, a msungichuma okha ndi amene akanadziwa, ndipo ndikhulupirira sakanaulula. Ndinaika chala pamenepo, ndili ndi manyazi ndi ukali. Kenako ndinaliwerenga dzinalo mokweza monga ndinachitira ndi a anthu ena, ndi ndalama yake yomwe.

Lamulo la miyezi itatu linavomerezedwa tsiku lomwelo popanda wotsutsa, poti panalibenso chobisa. Potuluka palibe anandipatsa moni. Amuna anga anakwera njinga okha, ine ndinabwerera wapansi kukawatembenuza amayi.