Nkhani ya Mvuu Inali Yachinayi

Ndinasankhidwa kukhala mlembi wa komiti ya amayi a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Lunho, chifukwa ndinali ndi cholembera ndiponso ndinaphunzirako ku mishoni. Nzeru palibe anandifunsa. M'komitimo tinalimo tonse, a kutchalitchi ndi a kumzikiti, poti chitsime chinali chimodzi ndipo dambo la mpunga linali limodzi.

Masiku amenewo a Apwitikizi, anthu mukasonkhana popanda pepala, sipayo, msilikali wa ku posito, ofesi ya boma, ankabwera kudzafunsa chomwe mukunong'onezana. Ndiye ndinkalemba chikumbutso katatu: china pakhomo la tchalitchi, china pamtengo wa mango pafupi ndi mzikiti, china m'Chipwitikizi changa chotsimphina chopita ku posito. Ndinkalembapo tsiku, nthawi, malo ndi nkhani zokambirana, kenako n'kukawerenga mokweza kuchitsime, chifukwa ambiri sankadziwa kuwerenga.

Chaka chimenecho mvuu zinazolowera munda wa azakhali anga. Anali amasiye, opanda wowalondera, ndipo mpunga unali utayamba kubereka. Ankapempha kuti komiti ipatule tsiku lowakumbira ngalande yakuya mbali ya kunyanja, chifukwa mvuu sikonda kudumpha dzenje.

Ine ndinalemba mwaulemu wake, monga ankachitira aphunzitsi: choyamba pemphero, chachiwiri kuwerenga za msonkhano wapita, chachitatu kusesa pachitsime, chachinayi mvuu. Lachiwiri, naini koloko, aphunzitsi akaimba belu. Lachisanu ndinalipewa chifukwa cha mzikiti, Lamulungu chifukwa cha tchalitchi, ndipo ndinadziona wochenjera kwabasi.

Amayi anabwera ambiri. Tinapemphera, mbali iyi ndi mbali iyo. Ndinawerenga za msonkhano wapita pang'onopang'ono, kuti aliyense amve kuti sukulu ndinapitako. Pa nkhani ya chitsime anakangana za yemwe ankachapira pafupi ndi madzi akumwa. Ndikutsegula pakamwa kuti nditchule mvuu, wina anakuwa kuti, "Mabwato afika!"

Amene anakulira kunyanja akudziwa. Utaka ukafika pagombe, wochedwa amapeza mamba okhaokha. Amayi anazula mabeseni n'kuliyatsa liwiro, ngakhale aja ankadandaula za mawondo. Pamphasa tinatsala atatu: ine, azakhali ndi apampando athu, mayi wachisilamu wogulitsa usipa wouma.

Azakhali sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Mwana wa achimwene, nkhani yanga inalipo papepalapo?"

Ndinachita manyazi. Usiku wotsatira mvuu zinadya mbali ina yonse ya munda.

Ndinapita kwa apampando ndi chikumbutso chatsopano. Nthawi ndinali nditaisintha, ndikuti tikumane masana, nsomba zitayanikidwa kale pamathandala.

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iwe mlembi, masana amayiwa amakhala atakhuta, alibe kothamangira. Akambirana za ngalandeyo mpaka dzuwa kulowa, aliyense ndi maganizo ake, ndipo khasu silidzagwira dothi. Lemba nove ora, naini koloko yomwe ija."

"Nanga akathawanso, amayi?"

"Athawe, koma atavomera. Kupatula pemphero, mvuu zikhale pamwamba. Munthu amene maso ali kunyanja satsutsa."

Ndinalembanso mapepala atatu aja ndikung'ung'udza chamumtima, poti ndinkaona ngati akundiphwanyira dongosolo la kusukulu. Lachinayi, naini koloko, pansi pa mtengo wa mango. Choyamba pemphero. Chachiwiri ngalande ya kumunda kwa amasiye, ndipo aliyense abwere atafunsa kale kunyumba tsiku limene bambo angapezeke ndi khasu. Zotsalazo ndinazikankhira m'munsi.

Tsikulo apampando anakhala dala moyang'ana kumtunda, amayi onse moyang'ana kunyanja. Mabwato ankaoneka patali ngati nyerere. Pemphero litatha, anati, "Ngalande tikumba Loweruka m'mawa. Alipo wotsutsa? Ngati alipo, tikhala pompano timumvetsere bwinobwino."

Mayi wina wodziwika ndi makani anayamba kukweza dzanja. Mnzake anamutsitsa dzanjalo msanga. "Tavomera!" onse anatero, ena ataimirira kale. Ndinalemba mayina mothamanga, cholembera chikuterereka ndi thukuta, ndipo ndinasekera m'kabuku momwemo. Kusesa pachitsime sitinakukambe, koma chitsime sichinathawe.

Loweruka makasu analira kuyambira mbandakucha. Mpunga wotsala uja unacha, azakhali anakolola wokwanira kudya mpaka mvula ina.

Atatha kupuntha, anabwera kwathu ndi lichero la mpunga. Kenako anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa pepala lopindapinda. Linali chikumbutso cha Lachinayi chija, anachichotsa pamtengo wa mango.

"Tandisonyeza pomwe pali ine."

Ndinawagwira chala n'kuchiika pa mzere wachiwiri. Anali atagwira pepala chadodolido, koma sindinawauze, ndinangolitembenuza pang'ono.

"Pamwamba panga pali ndani?"

"Pemphero, azakhali."

"Basi? Mulungu, kenako ine?" Anaseka, n'kupindanso pepalalo mosamala, kulimangirira pachitenje.